Tsiku la pa invoisi ndilo limadula mtengo wa dola

Lachitatu pa 8 Novembala 2023 banki yayikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, idalengeza kuti kuyambira mawa lake dola imodzi izigulitsidwa pa K1,700, kuchoka pa K1,180.29. Nkhani idali m'kamwam'kamwa m'misika ndi m'maminibasi, poti aliyense adadziwiratu kuti shuga, feteleza ndi mafuta a galimoto zikwera. M'maofesi a maakaunti mudabuka vuto lina lomwe silidamveke pa wailesi. Pa madesiki padali milu ya mainvoisi a m'madola, ena osikanidwa kale, ena akudikira, ndipo pepala lililonse lidayenera kulowa m'mabuku m'makwacha. Funso lidali lakuti lilowe pa mtengo uti.

Tiyerekeze kampani ina ya ku Limbe yomwe imaitanitsa mapampu a madzi oyendera mphamvu ya dzuwa. Yalandira invoisi ya USD 4,250.00 yolembedwa pa 8 Novembala. Pa mtengo wa tsikulo ngongoleyi ndi K5,016,232.50. Invoisi yomweyo ikadalembedwa m'mawa mwa pa 9, ikadalowa m'buku ngati K7,225,000. Mapampu ndi omwewo, wogulitsa ndi yemweyo, madola ndi omwewo, koma usiku umodzi wasiyanitsa manambala awiriwa ndi K2,208,767.50. Kuchulukitsako n'kosavuta, mwana wa sitandade 7 atha kuchita. Ntchito yeniyeni yagona pa kudziwa tsiku lolondola, ndalama yolondola ndi mtengo wolondola, pamene zonsezi zikuwerengedwa pa chithunzi cha pepala lomwe mwina lidapindidwa kanayi m'thumba la dalaivala.

Chifukwa chotsatira tsiku la pa chikalata chidalembedwa m'malamulo a kasungidwe ka mabuku a ndalama. Lamulo lotchedwa IAS 21, lomwe maakauntanti a kuno amatsata monga anzawo a m'maiko ambiri, limati malonda ochitika m'ndalama zakunja alowe m'mabuku pa mtengo wosinthira wa tsiku lomwe malondawo adachitika. Tsiku limenelo, kunena mosamala, ndi lomwe katundu wakhala wa wogula ndipo ngongole yabadwa. Nthawi zambiri limafanana ndi tsiku la pa invoisi kapena kuyandikana nalo, ndiye makampani ambiri amangokhazikitsa kuti tsiku la pa invoisi ndilo lizigwira ntchito. Ubwino wake ndi woti tsikuli lidalembedwa ndi wogulitsa, osati ndi mlembi wa kampani yogula. Munthu wina aliyense akhoza kutenga pepalalo chaka chamawa, n'kuyang'ana mtengo wa tsikulo, n'kupeza nambala yomweyo. Tsiku losikana pepala lilibe mphamvu imeneyo: limangosonyeza nthawi yomwe mlembi adapeza mpata, kapena yomwe magetsi adayaka.

Lamulo lomweli limalola kugwiritsa ntchito mtengo wapakatikati wa sabata kapena wa mwezi wonse pofuna kuchepetsa ntchito, koma pokhapokha ngati mitengo sikudumphadumpha. Mwezi wa Novembala 2023 sungalowe m'gulu limenelo. Wa Meyi 2022, pomwe kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti, nawonso ayi, chimodzimodzi wa Meyi 2012, pomwe dola idachoka cha m'ma K168 n'kufika pa K250. Mtengo wapakatikati wa mwezi wotere ndi nambala yomwe banki iliyonse sidagulitsirepo dola tsiku lina lililonse.

Tsono pepala lija lafika pa sikana. Chomwe makinawa amatulutsa ndi chithunzi basi, timadontho takuda ndi toyera, ndipo kompyuta sidziwa kuti pali nambala kapena chilembo. Pamafunika pulogalamu yowerenga zilembo pa chithunzi, yomwe pa ntchitoyi imadziwika kuti OCR. Ina yotchuka, yaulere, ndi Tesseract, ndipo mapulogalamu ambiri a maakaunti ali ndi yawoyawo. Pulogalamu yotereyi imayerekeza maonekedwe a kachidutswa kalikonse ndi zilembo zomwe imadziwa, n'kusankha chomwe chafanana kwambiri. Pepala likakhala loyera, lowongoka, losikanidwa pa 300 dpi, imawerenga bwino zedi. Likakhala lojambulidwa ndi foni mopendekeka, litadutsa pa WhatsApp pomwe zithunzi zimafinyidwa, kapena chidindo cha ofesi chitagwera pa nambala, imayamba kulota. Ziro amasanduka chilembo O, 1 amasanduka 7, 5 amasanduka S, ndipo 8 wodulidwa ndi mzere wa popinda pepala atha kuoneka ngati 3, 6 kapena 9.

Pa invoisi ya mapampu ija, 8 kusanduka 9 ndi cholakwika cha ndalama zoposa K2 miliyoni, ndipo palibe belu lomwe lingalire. Tsiku la 9 Novembala lilipo pa kalendala, mtengo wake ulipo pa tebulo, masamu ayenda bwinobwino. Apa ndi pomwe tsiku limasiyana ndi ndalama. Ndalama zili ndi mboni pa pepala lomwelo. Invoisiyi ili ndi mizere itatu: mapampu 10 pa USD 310.00 imodzi, zomwe ndi 3,100.00, timabokosi 5 towongolera magetsi pa 180.00, zomwe ndi 900.00, ndi mtengo wonyamulira wa 250.00. Kuphatikiza zonse ndi 4,250.00. Pulogalamu ikawerenga 4,750.00 pansi pa pepala, mizere itatuyo ikana, ndipo mlembi adziwa kuti pena pake palakwika. Tsiku lilibe mizere yoliphatikiza. Mboni zake n'zofunika kuzisaka: ngati pepala likuti ngongole ilipidwe pakatha masiku 30 ndipo tsiku lomaliza kulipira ndi 8 Disembala, ndiye kuti invoisi ndi ya pa 8 Novembala. Imelo yomwe idabweretsa invoisi ili ndi tsiku lake, ndipo invoisi singalembedwe pa 9 n'kutumizidwa pa 8. Manambala a mainvoisi ena a wogulitsa yemweyo amathandizanso, poti amatsatana ndi masiku.

Masiku pa invoisi imodzi amakhalanso angapo. Pali lomwe oda idaperekedwa, lomwe katundu adanyamuka, lomwe invoisi idalembedwa, lomaliza kulipira, ndiponso la chidindo cholandirira chomwe ofesi yogula imamenya pamwamba. Pulogalamu yosakonzedwa bwino imangotola tsiku loyamba kulipeza kapena lolembedwa ndi zilembo zazikulu. Lofunika ndi lomwe lili pafupi ndi mawu oti `Invoice date`, osati `Due date`, ndipo invoisi yochokera ku Beira kapena ku Tete ikhala ndi mawu a Chipwitikizi, monga `Data de emissão`. Pepala lolembedwa `Pro forma` pamwamba si invoisi yolowa m'mabuku n'komwe. Limangonena mtengo womwe wogulitsa akufuna, ndipo amalonda amapita nalo ku banki popempha ndalama zakunja. Ngongole imabwera ndi invoisi yeniyeni, yomwe tsiku lake litha kutalikirana ndi la pepala loyambalo ndi masabata angapo.

Ngakhale manambala onse atawerengedwa molondola, tsiku likhoza kusokonekerabe. Invoisi yochokera ku Amereka yolembedwa 11/09/2023 ikunena 9 Novembala, chifukwa kumeneko amayamba ndi mwezi. Mmalawi aliyense, monganso Mngelezi, awerenga 11 Seputembala. Pa 11 Seputembala dola idali isanafike n'komwe pa K1,200, pamene pa 9 Novembala idali pa K1,700. Tsiku likaposa 12 vutoli limadziulula lokha, poti kulibe mwezi wa 13, koma masiku khumi ndi awiri oyambirira a mwezi uliwonse ali pa chiopsezo chimenechi. Kudziwa komwe wogulitsa ali kumathandiza, ndipo kuyang'ana mainvoisi ake akale kumathandiza koposa: pakapezeka imodzi yolembedwa 10/27/2023, nkhani yatha, wogulitsayo amayamba ndi mwezi. Ofesi yanzeru imalemba zimenezi kamodzi pa kaundula wa wogulitsayo kuti mlembi watsopano asadzayambenso kuganizira.

Pulogalamu ya Excel imawonjezera msampha wake. Masiku akalowa kuchokera pa fayilo ya CSV, kompyuta imawamasulira motsata dziko lomwe idatcheredwa. Kompyuta zambiri zimabwera zitatcheredwa Chiamereka ndipo palibe amene amasintha. Ikalandira 08/11/2023 kuchokera kwa wogulitsa wa ku Durban, imamva 11 Ogasiti, mwakachetechete. Ikalandira 27/11/2023 imalephera kumasulira, n'kulisiya ngati mawu wamba. Chizindikiro chake chimaoneka ndi maso: mu mzere wotsika wa masiku, ena akhala ku dzanja lamanja pomwe ena atsamira kumanzere. Otsamira kumanzerewo ndi mawu chabe, ndipo a kumanjawo n'kutheka kuti atembenuzidwa. Njira yothana nazo ndi kusunga tsiku lililonse m'kalembedwe ka ISO 8601, koyamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku: `2023-11-08`. Kalembedwe kameneka sikamveka pawiri.

Za ndalama zenizenizo, zolakwika zazikulu zimachokera pa kadontho ndi mpatuliro. Kuno timalemba 4,250.00. Ku Jeremani ndalama yomweyo ndi 4.250,00, ndipo ku Mozambiki nakonso mpatuliro ndiwo umalekanitsa masenti. Mainvoisi ambiri a ku South Africa amasiya kampata pa masauzande, 4 250,00 kapena 4 250.00. Pulogalamu yozolowera kalembedwe kathu ikaona 4.250,00 itha kumva 4.25, ndipo kadontho kakafufutika pa 4,250.00 patsala 425000. Zolakwika za mtundu uwu n'zazikulu kwambiri moti munthu watcheru amaziona msanga, ndipo kuphatikiza mizere kuja kumazigwira pafupifupi zonse.

Chizindikiro cha ndalama ndicho chonyenga kwambiri. $ si wa Amereka yekha: Canada, Australia, Singapore ndi Hong Kong onse ali ndi madola awoawo a mphamvu zosiyana. Chizindikiro cha ¥ chimaimira yeni ya ku Japani, komwe kumachokera magalimoto ambiri a kaunjika, komanso yuwani ya ku Tchaina, ndipo yuwani imodzi ndi mayeni ambirimbiri. Pafupi pompano, lisiti ya ku Chipata yolembedwa K12,000 si K12,000 ya ku Mchinji, poti kwacha imodzi ya ku Zambia imasintha makwacha a kuno makumi angapo. N'chifukwa chake mabanki amagwiritsa ntchito zilembo zitatuzitatu za ISO 4217: USD, ZAR, EUR, GBP, JPY, CNY, ZMW, MZN, ndi MWK ya kwathu. Pepala likapanda zilembozi, adiresi ya wogulitsa ndi akaunti ya banki yomwe walemba pansi zimanena zambiri. Osunga mapepala akale azikumbukiranso kuti dziko la Zambia lidachotsa maziro atatu pa ndalama yake pa 1 Januwale 2013, ZMK n'kukhala ZMW. Invoisi ya 2012 ikasinthidwa ndi mtengo wa ndalama yatsopanoyo ikula kasauzande.

Tsiku ndi ndalama zikadziwika, mtengo wa tsikulo si umodzi. Banki yayikulu imasindikiza mitengo itatu pa ndalama iliyonse tsiku lililonse logwira ntchito: wogulira, wapakati ndi wogulitsira. Mayinawa amanenedwa kuchokera ku mbali ya banki. Kampani ya ku Limbe ija ili ndi ngongole ya madola, ndiye idzayenera kukagula madolawo, ndipo banki idzaigulitsa pa mtengo wogulitsira, womwe ndi wokwera pa itatuyo. Mlimi wa tiyi kapena wa makadamiya yemwe watumiza katundu kunja akuyembekeza kulandira madola, ndipo banki idzamugula pa mtengo wogulira. IAS 21 imati pakakhala mitengo ingapo, woyenera ndi womwe ngongoleyo ikadalipiridwa tsiku limenelo. Makampani ena amasankha wapakati pa zonse kuti ntchito iphweke, ndipo owunika mabuku nthawi zambiri salimbana nazo malinga kusiyanako kuli kochepa ndipo njirayo idalembedwa. Chomwe salola ndi kusinthasintha, lero wogulitsira, mawa wapakati, molingana ndi nambala yomwe ikukomera bwana.

Mtengowo ulembedwe wonse monga udasindikizidwira. Wina akafupikitsa 1,180.29 kukhala 1,180, invoisi ija itsika ndi K1,232.50. Si ndalama yoti munthu angagwe nayo mphwayi, koma ndi yokwanira kuti mabuku awiri akanike kugwirizana ndipo wina ataye masana onse akuisaka. Kufupikitsa kuchitike kamodzi, pa mapeto, pa makwacha omwe atuluka. Ofunikanso kusamala ndi mbali yomwe mtengo walembedwera. Banki yathu imanena makwacha pa dola imodzi, ndiye timachulukitsa. Banki yayikulu ya ku Ulaya, European Central Bank, imanena kuchuluka kwa ndalama zina pa yuro imodzi, choncho wofuna mayuro kuchokera ku madola amagawa. Pa kwacha, wosokoneza ziwirizi amazindikira pompo chifukwa yankho limakhala lopusa. Pakati pa dola ndi yuro, zomwe mphamvu zake n'zoyandikana, yankho lolakwika limaoneka ngati labwinobwino.

Loweruka, Lamulungu ndi pa tchuthi banki yayikulu situlutsa mitengo, koma amalonda amalemba mainvoisi. Mwambo wofala ndi kutenga mtengo womaliza kusindikizidwa tsikulo lisanafike: invoisi ya Loweruka pa 11 Novembala 2023 itenga mtengo wa Lachisanu pa 10. Kutenga wa Lolemba n'kugwiritsa ntchito nambala yomwe padalibe munthu adaidziwa pomwe invoisi inkalembedwa. Tchuthi chomwe chimawerengedwa ndi cha dziko lomwe likusindikiza mitengo, osati cha wogulitsa. Pa 6 Julayi ku Johannesburg amagwira ntchito monga mwa masiku onse, pamene kuno n'chikondwerero cha ufulu.

Ofesi yaing'ono ikhoza kuchita zonsezi ndi Excel. Pa tsamba limodzi, titi lotchedwa `Mitengo`, pakhale masiku mu mzere wotsika A, kuyambira akale kutsikira atsopano, ndi mtengo wa dola mu B. Pa tsamba la mainvoisi, tsiku likhale mu B, ndalama zakunja mu C. Mtengo upezeka mu D, makwacha mu E:

```
=VLOOKUP(B2, Mitengo!A:B, 2, TRUE)
=ROUND(C2*D2, 2)
```

Mawu oti `TRUE` ndiwo akuuza pulogalamu kuti ikapanda kupeza tsiku lenilenilo itenge lapafupi la m'mbuyo, zomwe zikuthetsa nkhani ya Loweruka ija. Koma kufatsa komweku ndiko kuopsa kwake. Ngati yemwe amalowetsa mitengo adalekezera pa 8 Novembala n'kupita ku maliro kumudzi, invoisi iliyonse ya masabata otsatira ipatsidwa 1,180.29 popanda dandaulo lililonse. Masiku akapanda kusanjidwa bwino, yankho limangotuluka la tsiku lina. Mankhwala ake ndi mzere wina wowerenga kutalika kwa pakati pa tsiku la invoisi ndi tsiku la mtengo womwe watengedwa:

```
=B2-VLOOKUP(B2, Mitengo!A:A, 1, TRUE)
```

Pa tsiku logwira ntchito yankho ndi 0, Loweruka ndi 1, Lamulungu ndi 2, ndipo pa Isitala litha kufika 4. Likaposa apo, tebulo la mitengo lili ndi dzenje. Pakatuluka `#N/A`, kawirikawiri tsikulo ndi mawu wamba aja otsamira kumanzere, kapena ndi lakale kuposa tsiku loyamba pa tebulo, monga zimachitikira pulogalamu ikawerenga 2013 m'malo mwa 2023.

Funso lomwe eni mabizinesi amafunsa akaona K5,016,232.50 m'buku ndi lomveka: nanga poti ndalama yomwe idzatuluke ku banki idzaposa pamenepa, bwanji osangolemba yeniyeniyo? Yankho ndi loti pali zinthu ziwiri zosiyana zomwe zachitika, ndipo mabuku amafuna kuti chilichonse chioneke pachokha. Choyamba ndi kugula mapampu, komwe kudachitika pa 8 Novembala pa mtengo wa tsikulo. Chachiwiri ndi kukhala ndi ngongole ya madola pa nthawi yomwe kwacha ikugwa. Mtengo wa mapampu m'buku la katundu utsala pa K5,016,232.50. Chomwe chimasuntha ndi ngongole.

Titsatire ngongoleyo. Madola ndi osowa, ndipo kampani yadikira pa mzere ku banki mpaka chaka chatha isanalipire. Potseka mabuku pa 31 Disembala 2023, lomwe lidali Lamulungu, akauntanti atenga mtengo wa Lachisanu pa 29, tingoti K1,700. Ngongole ya USD 4,250 tsopano ndi K7,225,000, ndipo K2,208,767.50 yowonjezerekayo ilembedwa ngati kuluza kobwera ndi kusintha kwa mtengo wa ndalama m'chaka cha 2023, ngakhale kuti palibe tambala yomwe yatuluka. Mu Malichi 2024 mtengo wogulitsira dola udasunthanso kufika pa K1,751. Banki ikapereka madolawo mu Epulo pa mtengo umenewu, kampani ilipira K7,441,750, ndipo K216,750 yotsalayo ndi kuluza kwa chaka cha 2024. Ndalama zomwe banki yadula potumiza zipita pa mzere wawo wina.

Mlembi akadawerenga 9 m'malo mwa 8, ndalama yotuluka ku banki ikadakhala yomweyo. Chosintha ndi komwe K2.2 miliyoni ija yakakhala. M'malo mooneka ngati kuluza kwa 2023, ikadabisala mu mtengo wa mapampu omwe ali m'nyumba yosungira katundu, phindu la chakacho likadaoneka lonenepa kuposa momwe lilili, ndipo kuluzako kukadatulukira pang'onopang'ono mapampu akamagulitsidwa. Banki yomwe ikuganiza zobwereketsa kampaniyo ndalama, kapena mnzake wa bizinesi woyembekeza gawo la phindu, akadawerenga nkhani ina. Izi sizikutanthauza kuti mwini sitolo agulitse mapampu motsata mtengo wakalewo. Poika mtengo wogulitsira amayang'ana ndalama yomwe adzafune kuti aitanitse ena, ndipo ameneyo ndi masamu ena, osati a buku la ngongole.

Pali nthawi zomwe tsiku la pa invoisi limagonja, ndipo ndi bwino kuzidziwa. Wogulitsa akafuna ndalama patsogolo, gawo lomwe lalipiridwa kalelo limalowa pa mtengo wa tsiku lolipira, ngakhale invoisi itabwera mwezi wotsatira, ndipo pali kalozera wapadera wa zimenezi wotchedwa IFRIC 22. Wantchito akagula chinthu kunja ndi khadi la kampani, banki imakhala itasintha kale ndalamazo, ndiye makwacha omwe ali pa sitetimenti ndiwo enieni. Pa chipata, bungwe lotolera msonkho la MRA limawerengera msonkho wa kasitomu pa mtengo womwe uli m'makina ake a ASYCUDA World pa nthawi yomwe katundu akulembetsedwa, osati wa tsiku la invoisi, motero nambala ya pa chikalata cha kasitomu ikasiyana ndi ya m'buku si kuti wina walakwitsa. Mabungwe olandira thandizo la ndalama amatsata zomwe pangano lawo likunena, ndipo mapangano ambiri a European Union amatchula mitengo ya pamwezi ya InforEuro. Invoisi imodzi ikhoza kukhala ndi mtengo wina m'mabuku a bungwe, wina m'lipoti lopita kwa opereka thandizo.

Nkhani yomwe aliyense amaidziwa koma salankhula mokweza ndi ya msika wamseri, komwe dola yakhala ikudula kuposa ku banki. Tebulo la banki yayikulu silidziwa za mtengo umenewo, ndipo kusintha ndalama kunja kwa mabanki ndi mabyuro ovomerezeka n'kuphwanya lamulo. Olemba malamulo a maakaunti adaona kuti maiko angapo ali ndi vuto la ndalama yomwe mtengo wake ulipo pa pepala koma yosapezeka pa kauntala. Mu Ogasiti 2023 adawonjezera ndime mu IAS 21, yoyamba kugwira ntchito mu Januwale 2025, yonena momwe kampani ingayerekezere mtengo ndalama ikakhala yosasinthika, ndi zomwe iyenera kuulula ikatero. Chimenecho ndi chigamulo cha akuluakulu a kampani ndi owunika mabuku awo, osati cha mlembi yemwe ali pa sikana.

Gawo la mlembi ndi kusiya mapazi oti wina adzatsate. Pa invoisi iliyonse pasungidwe chithunzi chake, ndalama zakunja monga zidalembedwera, zilembo zitatu za ndalamayo, tsiku la chikalata, mtengo womwe wagwira ntchito, tsiku la mtengowo ndi komwe wachokera. Kulemba makwacha okha n'kufufuta madola ndi kulakwitsa kovuta kukonza, chifukwa potseka chaka palibe angadziwe kuti ngongole yeniyeni ndi madola angati. Si mapepala onse omwe amafuna maso a munthu mofanana. Oyenera kuwatsegula ndi kuwayerekeza ndi chithunzi ndi a ndalama zambiri, a ogulitsa atsopano, omwe mizere yake ikukana kuphatikizika, omwe tsiku lake lingawerengedwe pawiri, ndi onse a m'sabata yomwe kwacha yasuntha kwambiri.

Katundu wobwezedwa ndiye amapunthwitsa ngakhale ozolowera. Titi mapampu awiri mwa khumi aja afika osweka, ndipo mu Disembala wogulitsa watumiza chikalata chochotsera USD 620.00 pa ngongole. Pulogalamu yongotsata tsiku la pa chikalata isintha ndalamayi pa K1,700 n'kuchotsa K1,054,000 pa mtengo wa katundu, pamene mapampu awiriwo adalowa m'buku pa K731,779.80. Mapampu asanu ndi atatu otsalawo aoneka otchipa ndi K322,220.20 popanda chifukwa. N'chifukwa chake maakauntanti ambiri amamangirira chikalata chotere ku invoisi yomwe chikukonza, n'kuchipatsa mtengo wa pa 8 Novembala. Nambala ya invoisi yoyambayo imakhala italembedwa penapake pa chikalatacho, kawirikawiri m'zilembo zing'onozing'ono pansi pa adiresi, ndipo nayonso iyenera kuwerengedwa pa chithunzi ndi kulowetsedwa.